Mwana wanga atamwa parafini: zomwe tinasintha pabwalo pathu ku Mabvuku

Aliyense wokhala ku Mabvuku kapena ku Tafara akudziwa kuti madzi a m'mipopi sitingawadalire. Madzi ambiri a mzinda wa Harare amachokera kumadzulo, ku nyanja ya Chivero, n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, pomwe ife tili kum'mawa kwenikweni, komanso kumtunda. Akachepa, oyamba kuuma ndife. Choncho nyumba iliyonse ili ndi ndowa, zigubu ndi migolo yodzadza madzi otunga ku mjigo kapena pachitsime. Magetsi nawonso akazima, timatulutsa mbaula, kusonkha moto pamafuwa kapena kuyatsa chitofu cha parafini. Zonsezi zimakhala pansi, ndipo pansipo ndi pomwe mwana wongoyamba kuyenda amaswera tsiku lonse.

Makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno, ine ndinabadwira konkuno. Ine ndi bambo a kunyumba timachita lendi zipinda ziwiri pa nyumba yomwe pamakhala mabanja anayi. Eni nyumba ndi mayi wachikulire ochokera ku Ntcheu, omwe tonse timawaitana kuti agogo. Bwalo ndi limodzi, chimbudzi chimodzi, pophikira ponseponse. Ndikutchula izi chifukwa malangizo ambiri oteteza ana amanenedwa ngati kuti banja lili lokha m'nyumba mwake. Kwathu kuno ukhoza kusamala m'chipinda mwako mpaka kumapeto, koma mwana akangotuluka pakhomo ali kale pakati pa katundu wa anthu ena.

Zinachitika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwana wanga wamwamuna anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 8. Bambo a chipinda choyandikana nafe anabwera ndi parafini m'kabotolo ka chakumwa chozizilitsa kukhosi, n'kukaika pasitepe kuti atsekule chitseko ndi kulowetsa katundu. Parafini wake anali woyera mbee ngati madzi, ndipo botolo linali lomwe lija ana amalidziwa kuti mumakhala zotsekemera. Ine ndinali kuyanika zovala, masitepe ochepa chabe kuchokera pomwe anali. Ndinamva chifuwa chachilendo, chotsamwa, chosalekeza. Nditatembenuka ndinamuona ataima, maso ali misozi yokhayokha, kukamwa kuli yasa, malaya atanyowa pachifuwa, botolo likugubuduka pansi. Fungo lokha linandiuza zonse.

Anthu anathamangira pomwepo, ndipo aliyense anabwera ndi mankhwala ake. Agogo anati, "Mupatseni mkaka msanga, mkaka umapha poizoni." Wina anati dzira laliwisi, wina mafuta ophikira. Bambo a parafini aja, manja akunjenjemera, anati, "Amayi, mupiseni chala kukhosi asanze zonse." Onsewa ankamufunira mwana zabwino, ndipo ndi zomwe ambiri tinakula tikumva. Mwamwayi, tsidya la msewu kumakhala mayi wina amene anagwirapo ntchito yothandiza anamwino. Anafika akukuwa asanalowe n'komwe pageti: "Musamusanzitse! Achemwali, musamupatse chilichonse, ngakhale madzi!"

Anamulanda m'manja mwanga, kumuvula malaya onyowa aja n'kuwaponya kutali ndi mbaula yomwe inali ikuyaka, kenaka kumusambitsa mwachangu pakamwa, pakhosi ndi pachifuwa ndi sopo. Anati parafini akakhalitsa pakhungu la mwana amawotcha, komanso mwana akapitiriza kupuma fungo la pamalaya vuto limakula. Anandiuza kuti ndimunyamule chakutsogolo, ali chokhala, osati kumbuyo komwe sindingamuone nkhope, ndipo akati asanze yekha ndimuweramitse kapena kumugoneka chammbali kuti masanzi atuluke osabwerera. Botolo lija anati tipite nalo kuti achipatala akaone okha chomwe wamwa.

Ku kiliniki namwino anamuvundukula pachifuwa, n'kuyang'ana wotchi mphindi yathunthu akuwerenga mpweya. Anapeza 52. Anandionetsa ndi chala momwe khungu la m'munsi mwa nthiti limalowera mkati mwana akamakoka mpweya, ndipo pomwepo analemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko anamuika pa okosijeni. Sanamutsuke m'mimba monga ndinkayembekezera, ndipo chithunzi cha pachifuwa anachijambula patapita maola angapo, chifukwa akuti chikajambulidwa msanga kwambiri mapapo amatha kuoneka abwinobwino pomwe vuto likubwera. Usiku thupi linatentha. Ankapuma mobuula, kamphuno kakutukuka ndi mpweya uliwonse. Tinagonekedwa masiku angapo, ndipo chifuwa chinapitirira kwa kanthawi titabwerera kunyumba, koma anachira.

Dokotala wina anakhala nane pansi n'kundifotokozera chifukwa chake kusanzitsa kuli koopsa, ndipo ndikufuna aliyense amve bwino mfundo imeneyi. Parafini akafika m'mimba nthawi zambiri sachita zoopsa kwambiri: mwana amatha kumva kuwawa, kutsegula m'mimba, basi n'kutuluka. Komwe amavulaza kwenikweni ndi m'mapapo. Ndi mafuta opyapyala, oterera, ofalikira msanga, ndiye mwana akatsamwa, pang'ono pokha, kosakwana n'komwe kasupuni ka tiyi, kamalowa njira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo. Ana ambiri samwa wochuluka chifukwa ndi wowawa, amangomeza kamodzi kapena kawiri. Tsono ukamusanzitsa, parafini amene anali atadutsa kale bwinobwino kupita m'mimba umamubwezanso pakhosi, pakhomo penipeni pa njira ya mpweya, ndipo umamupatsa mwayi wachiwiri wolowa m'mapapo. Mkaka, dzira ndi mafuta sizichepetsa mphamvu ya parafini ngakhale pang'ono. Zimangodzadza mimba n'kuchititsa mwana nseru, mapeto ake ndi kusanza komweko.

Chinanso chomwe chimanyenga makolo n'chakuti mwana wina amakhosomola pang'ono, kenaka n'kuyamba kusewera ngati palibe chachitika. Musakhazikike mtima pansi. Zizindikiro zimatha kuchedwa, n'chifukwa chake achipatala amamuyang'anira maola osachepera 6 ngakhale akuoneka bwino, ndipo mukabwerera kunyumba muzimuyang'anabe tsiku lonse lotsatira. Phunzirani kuwerenga mpweya, si zovuta. Mwana akhale phee, osalira, mumuvundukule pamimba, muwerenge kukwera kwa chifuwa kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya foni. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, mpweya 40 kapena kuposa ndi wothamanga. Kwa wa miyezi 2 mpaka 12, malire ndi 50. Mukaona nthiti zikulowa mkati, kubuula, kutentha thupi, tulo tosadzuka bwino kapena milomo yosintha mtundu, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Titatuluka m'chipatala, agogo anaitanitsa mabanja onse pakhonde. Bambo a parafini aja anali atasiya kudya, ankalephera kundiyang'ana kumaso. Agogo sanalole kuti pakhale mlandu. Anati, "Ana inu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero ndi uyu, mawa ndi wanu. Tiyeni tione chomwe tingakonze." Mayi wothandiza anamwino uja tinamuitananso, ndipo anatichititsa chinthu chomwe ndimauza aliyense mpaka lero. Anati tigwade, tikwawe kuzungulira bwalo lonse ndi m'zipinda, maso ali pa msinkhu wa mwana. Ukakhala pamenepo umaona zomwe sumaziona utaima: chigwiriro cha poto chitatulukira kunja kwa tebulo, botolo kuseri kwa chitseko, machesi pansi pa bedi, ndowa yopanda chivindikiro yomwe mkombero wake ukukufika pachifuwa.

Mayi uja ananena mawu omwe poyamba anandiwawa, koma ndi oona. Anati maso a mayi okha sangateteze mwana wa msinkhu umenewu. Uyenera kuphika, kuchapa, kutunga madzi, kuyankha wogogoda, ndipo mwana amangofuna kanthawi kochepa komwe watembenuka. Kumuletsa ndi pakamwa nakonso sikukwanira, pakuti mwana wosakwana zaka zitatu amaiwala "ayi" wa m'mawa dzuwa lisanafike pamutu. Chofunika ndi kukonza malo kuti ngakhale utatembenuka, asapeze choti chimuvulaze.

Pa parafini tinagwirizana zinthu zochepa koma zosasinthika. Pabwalo pano salowa m'botolo la chakumwa, kaya la madzi, kaya la mkaka. Banja lililonse linapeza kachigubu kakekake kosafanana ndi chomwera chilichonse, tinakapaka penti yofiira n'kulembapo. Zolembazo ndi za akuluakulu ndi alendo, mwana sawerenga, ndipo chotsekera chopotokola musachikhulupirire chifukwa wa zaka ziwiri amachitsekula. Chomwe chimateteza ndi loko. Bambo a kunyumba anakhoma kabokosi ka matabwa pakhoma, pamwamba kuposa phewa la munthu wamkulu, kutali ndi pophikira, n'kuikapo loko. Musaike mpando, ndowa kapena thumba la ufa pansi pake, chifukwa ana amakwera. Wobwera ndi parafini kuchokera kogula amapita molunjika ku bokosilo asanachite china chilichonse. Ngozi yathu inachitika pakati pa geti ndi chitseko, osati posungira.

Pothira m'chitofu kapena m'nyali timagwiritsa ntchito fanulo, yomwe imabwerera m'bokosi momwemo. Kale ena ankapungulira m'kapu, ndipo madontho otsalira m'kapumo ndi okwanira kudwalitsa mwana. Timathira masana, panja, chitofu chitazima ndiponso chitazizira, mwana ali kumsana kwa munthu wina. M'bokosi lomwelo munalowanso mankhwala a makoswe, mankhwala oyeretsera zovala, mapiritsi a agogo ndi machesi.

Nkhani ya madzi ndi yomwe inatitengera nthawi, chifukwa ambiri sitinkaiona ngati ngozi. Tikamva za kumira timaganiza za dziwe kapena mtsinje. Koma ndowa ya malita 20, yomwe ili m'nyumba iliyonse muno, ndi yokwanira. Mwana wongoyamba kuyenda mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi. Amagwira mkombero, n'kuweramira mkati kuti agwire madzi kapena kutola chomwe waponyamo, miyendo n'kunyamuka. Ndowa yokhala ndi madzi theka imalemera makilogalamu 10, pafupifupi kulemera kwa mwana yemweyo, ndiye sigwa kuti atayike nayo. Manja amapanikizika mkati, nkhope ili m'madzi. Sakuwa, sathapula madzi, simumva kanthu ngakhale muli chipinda chinacho. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zinayi kapena zisanu umayamba kuonongeka. Ngakhale madzi ofika masentimita 5 m'beseni akhoza kumiza khanda lomwe lagweramo chafufumimba.

Kolera wa 2008 ndi wa 2018 anatiphunzitsa kuvindikira madzi, koma chivindikiro choletsa ntchentche si chivindikiro choletsa mwana. Mbale kapena thireyi yoikidwa pamwamba amangoikankha. Ife tinasamutsira madzi ambiri m'zigubu za kukamwa kung'ono, zomwe mutu sungalowemo. Kutsuka kwake n'kovutirapo, timachita kukhutchumula ndi timiyala ndi sopo, koma ndi bwino kuvutika choncho. Ndowa zomwe zinatsala ndi zokhazo zomwe chivindikiro chake chimalira "kha" potseka ndipo chimafuna manja awiri a munthu wamkulu potsekula. Chikang'ambika kapena kufooka, ndowayo imasiya ntchito yosunga madzi. Ya madzi akumwa tinaiboola m'munsi n'kuikapo kampopi ka pulasitiki, n'kuiika pamalo okwera olimba, motero sitimaitsekula kawirikawiri.

Mgolo wa malita 200, wodulidwa pamwamba, unali pakona ndi njerwa ziwiri zopondapo potunga. Njerwazo zinali makwerero a mwana. Tinazichotsa, ndipo kalipentala anatipangira chivindikiro cha matabwa chokhala ndi mahinjesi ndi poika loko. Chitsime cha kuseri chinali chovindikiridwa ndi lata lakale ndi mwala. Agogo anagula simenti, amuna a pabwalo anaumba silabu yokhala ndi kachitseko kachitsulo, ndipo kiyi amakhala pa msomali m'khitchini mwa agogo. Amene muli ndi zitsime za pakhomo, monga ambiri ku Epworth ndi madera atsopano, yang'anani matabwa omwe mwavindikira nawo. Amaola chakunsi pomwe pamwamba akuoneka olimba.

Koma madzi oopsa kwambiri si akumwa. Ndi aja timasunga titachapira kuti tikathire m'chimbudzi, ndi aja tanyikamo matewera. Palibe amaganiza zowavindikira popeza ndi akuda kale, ndipo thovu la sopo limakopa ana. Kuwataya sitingathe, madzi ndi ovuta kupeza. Ndiye tinagwirizana kuti amenewa amakhala m'bafa mokha, ndipo chitseko cha bafa tinachiika chotsekera chakunja pamwamba pomwe mwana sangafike. Wochapa akaitanidwa, amanyamula mwana kapena amanyamula beseni, chimodzi mwa ziwirizi. Posambitsa mwana, sopo, thaulo ndi zovala zimabwera kaye madzi asanathiridwe, kuti pasakhale chodzukira. Ndowa yopanda kanthu imakhala chozondoka, makamaka nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, pomwe chilichonse chosiyidwa panja chimadzadza usiku umodzi. Zolandirira madzi a padenga timaziika mvula ikugwa, ana ali m'nyumba, ndipo ikangokata timapungulira m'zigubu.

Mukapeza mwana m'madzi, mutulutseni, kuwani kuti wina afune galimoto, mumugoneke chagada pamalo olimba. Musamuzondotse kapena kumupsinja pamimba kuti madzi atuluke, kumeneko ndi kutaya nthawi ndipo kumabweretsa masanzi. Ngati sakupuma, mukwezeni chibwano pang'ono, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu mukuona chifuwa chikukwera, kenaka mudinikize pakati pa chifuwa ndi tsinde la dzanja limodzi ka 30 mofulumira, n'kuuziranso kawiri, n'kumabwereza choncho osaleka. Akatsitsimuka apitebe kuchipatala, chifukwa mapapo amatha kuvuta pambuyo pake. Izi zimafuna kuphunzira ndi manja, pa chidole. A Red Cross amaphunzitsa chithandizo choyamba muno mu Harare, ndipo ndi bwino kuti pabwalo lililonse pakhale munthu mmodzi amene anapitako.

Pa moto panali mkangano. Ine ndinafuna kuti kalipentala atipangire kampanda ka matabwa koikamo mwana ndikamaphika. Agogo anakana: "Mwana wanga, munthu saikidwa m'khola, si mbuzi." Sindinawatsutse pagulu, koma tinapeza njira yomwe onse anailandira: m'malo motsekera mwana, tinatsekera moto. Mabanja onse anasamutsira mbaula ndi mafuwa pakona imodzi ya bwalo, ndipo tinatchinga ndi matabwa a mapaleti ofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndi kageti kokoweka ndi waya chakumtunda. Matabwawo akhale oimirira, osati opingasa, chifukwa opingasa amasanduka makwerero, ndipo mipata ikhale yothina moti mutu wa mwana sungalowe. Mpandawo utalikirane ndi moto kuti usagwire, komanso kuti dzanja lopisidwa pampata lisafike pa poto. Patapita nthawi agogo okha ndi amene anapempha kampanda ka mwana kaja, mdzukulu wawo wokwawa atabwera kudzakhala nawo. Ndi kothandiza kwa mphindi zomwe ukupakula kapena kutsanula madzi otentha, osati kusiyamo mwana tsiku lonse.

Ndinazindikiranso kuti ana ambiri satenthedwa ndi lawi lenileni koma ndi zamadzimadzi: tiyi, madzi osamba, phala. Phala ndi loipa kwambiri chifukwa limamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha. Poto wochoka pamoto saikidwa pansi kunja kwa mpanda. Tiyi sitimwa mwana ali pamiyendo, ndipo nsalu ya patebulo yolendewera tinaichotsa. M'beseni losambira timayamba kuthira ozizira, otentha pambuyo, n'kuyesa ndi chigongono. Ambiri amachita mosemphanitsa: amathira otentha, n'kupita kukatenga ozizira, ndipo mwana amakhalira m'beseni nthawi imeneyo.

Phulusa nalo limanyenga. Pamwamba limaoneka loyera, lozizira, koma mkati makala amatha kukhalabe amoyo mpaka m'mawa. Tikamaliza kuphika timathirapo madzi otsukira mbale n'kutakasa ndi mtengo mpaka litasiya kulira. Pafupi ndi chitofu cha parafini pamakhala chitini cha mchenga, chifukwa moto wa parafini ukauthira madzi umangoyandama n'kufalikira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa Harare kumakopa anthu kulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umagoneka munthu osadzukanso, ndipo mwana ndi amene amayamba kufooka. Pabwalo pathu mbaula silowa m'chipinda chogona, timaonjezera zofunda. Makoloboyi ndi makandulo tinawasiya pang'onopang'ono, banja lililonse likamapeza kanyali ka sola.

Zomwe tinaphunzira zinayesedwa chaka chotsatira. Kamtsikana ka zaka ziwiri ka banja la kuseri kanakoka kapu ya tiyi ya mlendo, tiyi n'kukhuthukira pamkono kuchokera pachigongono kutsika. Lamulo ndi lakuti pamalo opsa pathiridwe madzi ozizira bwino kwa mphindi 20, ndipo zimathandizabe ngakhale patapita maola atatu. Koma m'mpopi munalibe dontho. Apa ndi pomwe chigubu chimodzi cha malita 20, chomwe tinagwirizana kuti chizikhala chodzadza nthawi zonse ndipo chisamagwiritsidwe ntchito ina, chinatipulumutsa. Mayi ake anamukhazika pamiyendo, ine ndinamuvula kajuzi konyowa mwachangu, n'kuyamba kuthira ndi kapu pang'onopang'ono, beseni lili pansi kulandira kuti madziwo abwerezedwe mpaka atayamba kufunda. Wina ankayang'ana nthawi pa foni. Mphindi 20 n'zambiri mwana akulira, ndipo aliyense amafuna kusiya pa zisanu. Thupi lonse tinalifunditsa bulangete, mkono wokha uli kunja, chifukwa mwana wamng'ono amazizidwa msanga.

Mlendo uja anafunsa za mankhwala otsukira mano, wina anatchula dzira ndi shuga. Agogo okha ndi amene anayankha: "Pano sitipaka kanthu, bambo. Madzi okha." Zopakapakazo, kuphatikizapo mafuta ophikira, majarini ndi phulusa, zimalowetsa tizilombo m'bala, ndipo kuchipatala amayenera kuzipala kaye mwana akumva ululu. Ayezi nawonso ayi, amaononga khungu lomwe lavulala kale. Matuza sitinawaphulitse. Tinaphimba momasuka ndi pulasitiki yoyera, osati thonje lomwe limamatirira, n'kupita ku kiliniki. Nsalu ikakhala kuti yamatirira pakhungu, monga zimachitira zovala za nayiloni zikasungunuka, musaikoke, duleni mozungulira.

Pofuna kudziwa kukula kwa bala, yerekezani ndi chikhato cha mwanayo pamodzi ndi zala, chomwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake. Bala loposa pamenepo lipite kuchipatala, monganso lililonse la kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena popindika chiwalo, ndi lililonse la khanda. Khungu likaoneka loyera, lolimba kapena lakuda, mwana n'kumati sakumva kuwawa pamenepo, musasangalale: ndiye kuti lapsa mozama mpaka mitsempha. Mabala aakulu kiliniki imawatumiza ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, komwe ambiri timakutchulabe kuti ku Gomo. Kamtsikana kaja kanangomangidwa mabandeji pa kiliniki pomwepo, ndipo mkono unapola.

Pali malo awiri pomwe dongosolo lathu limafookabe. Oyamba ndi ana okulirapo, a zaka 7 kapena 8, omwe timawatuma kutunga madzi kapena kuwasiyira mng'ono wawo. Amasiya chivindikiro chotsekula, kageti kosakoweka, ndipo anzawo akawaitana amathamanga. Si kuipa mtima, ndi msinkhu. Mwana wotere akhoza kusewera ndi mng'ono wake, koma kumulera pafupi ndi moto kapena madzi ndi ntchito ya wamkulu. Achiwiri ndi masiku a anthu ambiri, monga maliro, chinkhoswe kapena msonkhano wa amayi a mpingo. Moto umasonkhedwa kunja kwa mpanda, mapoto aakulu ali pansi, migolo ili yotsekula, ndipo aliyense amaganiza kuti mwana ali ndi wina. Masiku otero timasankhiratu mayi mmodzi amene saphika, satunga, ntchito yake ndi ana basi, m'chipinda chimodzi kapena pamphasa kutali ndi moto. Akafuna kuchoka amapereka ana kwa munthu wina momutchula, ndipo winayo ayankhe kuti walandira.

Anthu obwera kudzachita lendi amasinthasintha, ndiye agogo amafotokoza zonsezi asanapereke kiyi wa chipinda, kaya munthuyo ali ndi mwana kaya alibe. Amamuonetsa bokosi la parafini, pakona yophikira, chotsekera cha bafa ndi chigubu chosakhudzidwa chija. Madzulo aliwonse banja lomwe lili ndi sabata yosesa bwalo limazungulira kuona ngati mgolo ndi chitsime zakhomedwa, ndowa zopanda kanthu zazondotsedwa ndiponso phulusa lanyowa. Madzi a m'chigubu chija timawasintha Loweruka lililonse, akalewo n'kuchapira, kuti pa bala pazithiridwa madzi aukhondo.